Ndinagula njinga yamoto poganiza kuti kapalasa ndathana naye, koma chimanga ndikunyamulirabe pa kapalasa

Ine ndimachita geni ya zokolola kuno ku Salima, ndimagula m'midzi ya kwathu cha kwa Khombedza n'kukagulitsa ku msika wa pa boma. Chimanga, mtedza, nthawi zina mpunga, ndipo madimba akapsa ndimapikulanso tomato. Kuchoka pakhomo panga kukafika pamsika ndi makilomita 22, ndinachita kuyeza pa mita ya njinga yamoto, 8 oyamba ndi msewu wafumbi wokhala ndi mchenga malo awiri, 14 enawo ndi tala, umatsika ndi M5 mpaka pa Kaphatenga kenako n'kukhotera ku tauni. Ndalemba izi chifukwa anyamata ambiri a geni ngati yangayi amandifunsa kuti achimwene tigule yamoto kapena tipitirize kupalasa, ndipo ine pogula yanga panalibe amene anandikhazika pansi kundiwerengera masamu ake.

Zaka zambiri ndinkayenda pa njinga yakapalasa, zija zakuda za mateyala akuluakulu a 28. Njinga imeneyi ikangochoka m'sitolo siinganyamule katundu wa geni ayi, keliyala yake ndi yopepera, thumba limodzi lokha imayamba kupindika. Ndinapita nayo kwa owotcherera anandipangira keliyala ya zitsulo zonenepa ngati zomangira nyumba zija, yotakata, miyendo iwiri mbali iliyonse yotsikira pa ekiselo, ndipo teyala lakumbuyo tinalimanganso ndi masipoko onenepa. Itatero inkanyamula matumba awiri a 50 kg bwinobwino ine nditakwera. Atatu ndinayesapo, lachitatu ndikulilowetsa pakati pa fulemu, koma pamenepo sukweranso, umangokankha njira yonse, ndiye kukankha makilomita 22 ndi dzuwa la ku Salima si zinthu zoti munthu ungapange kawiri pa sabata.

Ubwino wa kuno ndi woti malo ndi achidikha, kulibe zitunda ngati ukamakwera kupita ku Mvera, ndiye kapalasa amayenda. Chimene chimavuta ndi mchenga, ndi mwera. Miyezi ya Juni ndi Julaye, nthawi yomwe chimanga chili mbwee m'midzi, ndi nthawi yomwenso mwera umawomba kuchokera kummwera, ndipo ife ochokera mbali ya Khombedza popita ku tauni timalunjika komwe ukuchokerako, katundu ali pambuyo mphepo ili pachifuwa. Ndinkanyamuka 4 koloko m'bandakucha kuti mphepo isanalimbe ndikhale nditadutsa theka, kufika pamsika cha m'ma 7 kapena hafu 7, pobwerera wopanda katundu maola awiri osakwana. Ulendo umodzi pa tsiku basi, ndipo pa sabata masiku anayi, thupi limakana kupitirira apo makamaka mawondo ndi msana.

Kumayambiriro kwa 2024 ndinagula yamoto, yogwirapo kale ntchito, ya injini ya 150 cc, pa K1,200,000. Ndalama ina inali yanga ya mtedza, ina mayi akunyumba anakatenga ku banki m'khonde. M'mutu mwanga ndinkaona ngati ndagula kagalimoto, kuti basi matumba anayi asanu ulendo umodzi. Apa ndi pomwe ndikufuna anzanga amvetsetse, chifukwa ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri. Njinga yamoto siinyamula katundu wambiri kuposa kapalasa mmene anthu timaganizira. Kapalasa awiri, yamoto atatu, kusiyana kwake ndi thumba limodzi lokha.

Sabata yachiwiri ndinakweza anayi, 200 kg osawerengera ineyo. Ndikungonyamuka ndinamva kuti handulo yapepuka, teyala lakutsogolo likungokhudza pansi pang'ono chifukwa kulemera konse kwapita kumbuyo kwa ekiselo, ukakhotetsa njinga siimvera. Pa bampu lililonse teyala lakumbuyo limakhula madigadi, kumveka khwee. Nditafika pa mchenga woyamba ndinayamba kuseweretsa kilachi kuti injini isazime, kenako kunamveka fungo la chinthu chopserera, kutsogolo kunaterereka ndipo ndinagwa, thumba limodzi linang'ambika chimanga kumwazika mumchenga, mwendo wanga unapsa ndi ekizozi mpaka pano chipsera chilipo. Madzulo ake ndinapeza masipoko asanu akumbuyo athyoka, shoko imodzi ikudontha oyilo, ndipo patapita masiku ochepa kilachi inayamba kuterereka, ukaponda giya n'kuwonjezera moto injini imangolira koma liwiro osawonjezeka.

Makaniko amene anandikonzera ndi bambo wachikulire wa pa tauni, anayang'ana njinga ija n'kundifunsa kuti, "Achimwene, munakweza angati?" Ndinawauza. Iwo anati, "Iyi anaipangira anthu awiri. Inuyo ndi matumba atatu mwaipyola kale malire, ndiye lachinayilo mukulipira ndi mapuleti a kilachi." Kuyambira tsiku limenelo ndimakweza atatu basi, ndipo kamangidwe kake ndinasintha, limodzi ndimaligoneka pa mpando wa pasenjala litagunda msana wanga, lachiwiri pa keliyala, lachitatu pamwamba pa awiriwo koma chakutsogolo, n'kumanga ndi malegeni mopingasa kuti lisasendere kumbuyo. Katundu akakhala pafupi ndi iwe kutsogolo kumagwira pansi. Lamulungu lililonse ndimatenga sipanala n'kumagogoda masipoko limodzilimodzi, lolimba limalira ngwee, lomasuka limamveka phwa, ndipo lomasukalo ukalisiya limathyoletsa anzake oyandikana nalo kenako limu imapindika.

Tsopano za ndalama. Miyezi itatu yoyamba ndinkaona ngati zikuyenda chifukwa ndimafika msanga, osatopa, anthu kumudzi akundipatsa ulemu, koma mpamba sumakula, mwinanso umachepa. Mayi akunyumba ndi amene anati bambo tiyeni tizilemba, ndiye tinagula kope n'kuyamba kulemba chilichonse cholowa mu njinga. Mitengo ndikunenayi ndi ya 2024, petulo ali pa K2,530 pa lita, mtengo womwe unabwera mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Panopa mafuta anakwera, ndiye inu muikemo mtengo wa lero, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Kupita ndi kubwera ndi makilomita 44. Njinga yanga ikakhala yopanda katundu pa tala imayenda pafupifupi makilomita 40 pa lita, koma ndi matumba atatu, mumchenga uli pa giya 1 ndi 2, imamwa kwambiri, ndiye ulendo wonse umadya lita imodzi ndi hafu. Imeneyo ndi K3,800. Anthu ambiri amathera pomwepa powerenga, amati mafuta K3,800 basi zotsalazo ndi phindu, ndi mmene inenso ndinkawerengera.

Koma pali oyilo. Ndimasintha pa makilomita 1,000 aliwonse chifukwa cha fumbi ndi kutentha kwa kuno, ndiye kuti pa maulendo 23 aliwonse, ndipo botolo ndinkagula K8,000, ukagawa ndi K350 pa ulendo. Ukazengereza oyilo amada bii n'kupyapyala ngati madzi, magiya amayamba kulimba polowa, ndipo mapeto ake ndi kutsegula injini. Kenako pali zinthu zomwe zimatha mwakachetechete, teyala lakumbuyo lomwe kwa ine silikwanitsa chaka, tcheni ndi masipuloketi ake zomwe mchenga umadya ngati msasa, mabuleki, masipoko, pulagi, machubu. Tcheni ukaona kuti ukuchikoka pafupipafupi koma chikungomasukabe, ndipo mano a sipuloketi asongoka n'kupendekera mbali imodzi, dziwa kuti zatha zonse, ndipo usinthe zonse pamodzi chifukwa tcheni chatsopano pa sipuloketi yakutha sichichedwa. Titaphatikiza zonsezi m'kope muja n'kugawa ndi maulendo zinabwera K1,350 pa ulendo. Mapepala, inshulansi ndi zina zoti uyende pa M5 mtima uli m'malo ukakumana ndi apolisi a pamsewu, ndinaziika pa K500. Zonse pamodzi K6,000.

Ndiye pali chinthu china chomwe sichioneka ngati ndalama yotuluka m'thumba, njinga yeniyeniyo ikutha. Ndinaganiza kuti ikanditumikira zaka zitatu, maulendo ngati 800, ndiye kuti K1,200,000 ija ikusungunuka K1,500 pa ulendo uliwonse, ndipo ngati sindikuisunga pambali tsiku lomwe idzafe ndidzakhala wopanda njinga wopandanso ndalama yogulira ina. Ndiye ulendo umodzi wa yamoto umandidyera K7,500. Pa matumba atatu ndi K2,500 thumba lililonse.

Kapalasa naye tinamuwerengera, chifukwa si waulere ngati mmene ena amanenera. Zigamba, chubu, masipoko, mabuleki, girizi, nthawi zina ekiselo yakumbuyo ikapindika, pa mwezi zimakwana K8,000, ndipo mu Okutobala ndi Novembala zimaposa chifukwa tala akatentha zigamba zakale zimamatuka zokha. Pa maulendo 16 a pamwezi ndi K500 pa ulendo. Mafuta a kapalasa ndi mimba yako, tsiku lopalasa ndimadya kwambiri, tiyi ndi chinangwa kapena mandasi panjira, nsima pamsika, ndinaika K1,000 yoonjezera pa zomwe ndikanadya ndili pakhomo. K1,500 pa ulendo, matumba awiri, K750 pa thumba. Kutha kwa njingayo sindinakuwerengere chifukwa yanga yatha zaka zoposa khumi fulemu ikadali yomweyo.

Ndiye taonani pa chimanga. Nthawi yokolola aliyense ali nacho, mavenda ali paliponse ndi masikelo awo, kusiyana kwa mtengo wa kumudzi ndi wa pamsika kunali ngati K3,000 pa thumba nditachotsa kale chiphaso cha msika ndi mtengo wa thumba lopanda kanthu. Pa kapalasa ndichotsepo K750, kutsala K2,250, matumba awiri K4,500 pa tsiku. Pa yamoto ndichotsepo K2,500, kutsala K500 yokha, matumba atatu K1,500. Nditaona nambala imeneyi m'kope ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndiye kuti miyezi itatu yonse ija ndimagwira ntchito yolipira njinga. Kuti ndifike pa K4,500 ya kapalasa ija ndimayenera kupanga maulendo atatu pa tsiku, matumba 9, ndipo nthawi yake ilipo ndithu chifukwa yamoto imatenga mphindi 50 kupita, koma matumba 9 amafuna mpamba woposa K250,000 tsiku limodzi, ndipo mpamba wanga ndinali nditauthira mu njinga momwemo. Komanso kusonkhanitsa matumba 9 m'midzi momwe anthu amagulitsa ndowa imodzi ziwiri si ntchito ya m'mawa umodzi.

Mlamu wanga wa ku Thavite ndi amene anandiunikira kuti ndikuinyamulitsa katundu wolakwika. Iye anati alamu, yamoto mukugula nthawi, ndiye muziikweza zinthu zomwe zimafa ndi nthawi. Chimanga chingafike 7 koloko kapena 12 koloko mtengo ndi womwewo, sichiwola panjira. Tomato ndi nkhani ina.

Tomato pamsika amayenda m'mawa kwambiri, amayi ogulitsa pa mabenchi ndi a malesitilanti amafuna apikule 6 koloko kuti akayale, ikamakwana 9 ambiri agula kale, dzuwa lakwera, tomato wayamba kufewa ndipo wogula ndi amene amatchula mtengo. Ndili pa kapalasa ndinkanyamula makreti awiri, ndipo chifukwa tomato sungathamange naye ndinkafika mochedwa, phindu pa kreti limakhala ngati K5,000. Awiri K10,000, kuchotsa K1,500, kutsala K8,500. Kuti ufike 6 koloko pa kapalasa ndiye unyamuke 3 koloko usiku, mumdima ndi tochi, pa M5 pomwe malole amadutsa mokupaka, ine ndinasiya zimenezo. Pa yamoto ndimanyamuka 5 koloko ndi makreti atatu, 6 ndili pamsika, ndimagulitsa onse ndisanamasule n'komwe malegeni, phindu pa kreti limafika K8,000. Atatu K24,000, kuchotsa K7,500, kutsala K16,500, ndipo 8 koloko ndili kale kumudzi kuzungulira m'madimba kufuna wa mawa. Pamenepa ndiye yamoto inayamba kubweza ngongole ya ku banki m'khonde.

Koma tomato pa yamoto ali ndi kavuto kake komwe ndinaphunzira ndi kutaya. Msewu wafumbi ukakhala ndi timabampu tating'onoting'ono totsatizana tija, ukathamanga njinga imanjenjemera ndipo tomato wapansi pa kreti amaphwanyika, umangoona madzi akudontha pa madigadi. Ulendo woyamba ndinataya pafupifupi kota ya kreti iliyonse. Panopa ndimayala udzu wouma pansi ndi m'mbali, wosapsetsa ndimaika pansi wakupsa pamwamba, sindidzazitsa mpaka kreti yapamwamba kukanikiza, ndipo makilomita 8 afumbi aja ndimayenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula wodwala, kuthamanga ndimayambira pa tala.

China chomwe chinasintha masamu ndi pobwerera. Kale ndinkabwerera wopanda kanthu, pomwe mafuta a pobwerera ndalipira kale. Tsopano ndimafunsiratu a maokala akumudzi madzulo, wina shuga, wina sopo, mchere, mafuta ophikira, ndimawatengera n'kundilipira kangachepe, kapena ndimakweza munthu wopita mbali yathu. Tsiku labwino zimenezi zimalipira lita yonse. Pa kapalasa sindinkatha kutero chifukwa pobwerera miyendo imakhala itatha kale.

Ndiye kunabwera kusowa kwa mafuta kwa kumapeto kwa 2024, aliyense akukumbukira mizere ija. Munthu wa geni ya m'mawa sungagone pa filing'i kudikira thanki yomwe sukudziwa ngati ibwere, ndiye ndinayamba kugula a m'mabotolo kwa mavenda, ndinafika polipira K6,000 pa lita. Lita ndi hafu K9,000, ulendo wonse kufika pafupifupi K12,700. Tomato amakwanitsabe movutikira, koma china chilichonse ayi. Choipa kwambiri mafuta ena anali osakaniza, tsiku lina njinga inayamba kudukiza, ukawonjezera moto ikutsamwa, kuzima pa Kaphatenga ndi makreti atatu dzuwa likutuluka. Makaniko atatsegula kabuleta anapeza madzi ndi zinyalala pansi pake. Kuyambira pamenepo ndikagula a m'botolo ndimaliimika kaye kuliyang'ana padzuwa, madzi amakhala pansi paokha ngati kadontho koonekera, ndipo ndimasefa ndi kansalu pothira. Masabata amenewo yamoto inagona m'nyumba masiku ambiri, ndipo chomwe chinatidyetsa ndi kapalasa yemwe ndinatsala pang'ono kumugulitsa pa mtengo wa nkhuku zingapo.

Nyengo ya mvula zonse ziwiri zimavutika koma mosiyana. Kwathu kuli malo a dothi lamakande, likanyowa limamatirira pa teyala mpaka kudzaza mu madigadi teyala osazunguliranso. Kapalasa umatsitsa matumba, kumunyamula paphewa kuwoloka, kubwerera kudzasenza matumba, zimatenga nthawi koma umadutsa wekha. Yamoto ikatitimira ndi katundu umafunika anthu awiri atatu okukankha ndipo aliyense umupatse kenakake, komanso kilachi imapsa pomwepo ukamalimbana nayo. Ine Januwale ndi Febuluwale madigadi akutsogolo ndimachita kuwakweza m'mwamba pang'ono kuti matope azidutsa, ndipo mvula ikagwa usiku wonse sindinyamuka m'mawa, ndimadikira dzuwa liumitseko.

Mmene ndikuchitira panopa ndi chonchi. Chimanga ndi mtedza wosasenda, katundu wolemera wa phindu lochepa pa thumba, ndimasonkhanitsa m'midzi pa kapalasa, mtunda wa makilomita awiri atatu, n'kuunjika pakhomo. Akakwana matumba 15 kapena 20 ndimachita hayala ngolo kukafika pa tala n'kukweza galimoto, pa thumba zimatsika kuposa yamoto, kapena ngati ndi ochepa mwana wa achemwali anga amapalasa awiriawiri ndimamulipira pa ulendo. Yamoto ndi ya tomato, masamba, chimanga chachiwisi cha kudimba, ndi mtedza wosenda mtengo ukakhala bwino chifukwa thumba lake phindu limakhala lokwera moti ndalama ya ulendo siimveka. Ndisanakweze chilichonse ndimadzifunsa phindu la pa thumba kapena pa kreti, likakhala losafika kawiri ndalama ya ulendo pa thumbalo ndiye kuti chimenecho si cha yamoto.

Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anabwera mwezi wathawu, ali ndi ndalama yokwana njinga yogwirapo ntchito ndendende, osatsala kanthu. Ndinamutulutsira kope lija tinakhala pakhonde, ndinamufunsa mtunda wake, akuti makilomita 9 kukafika pa msika wa Khombedza, katundu wake chimanga ndi nandolo. Tinawerenga limodzi ndi mtengo wa petulo wa lero, pa mtunda umenewo kapalasa amatha kupita kawiri m'mawa umodzi, matumba anayi, osagula lita ngakhale imodzi. Ndinamuuza kuti apite kwa owotcherera akalimbitse keliyala, amange teyala lakumbuyo ndi masipoko onenepa, ndalama yotsalayo agulire katundu, ndipo za yamoto tidzakambirane akadzayamba kupikula tomato wopita ku boma. Sabata yatha ndinakumana naye pa mchenga woyamba uja akukankha matumba awiri, keliyala yatsopano isanapakidwe n'komwe penti.